Ndakatulo ya kabokosi ka machesi: ndithandizeni Loweruka lisanafike

Bambo a Tada: Moni nonse a pagulu. Ine nthawi zambiri ndimangowerenga, koma lero ndabwera ndi changa. Loweruka likudzali ine ndi mayi a kunyumba tikukwanitsa zaka 12 tili pabanja, ndiye kudzakhala kamwambo kakang'ono kunyumba kwathu ku Mchesi, ankhoswe, apongozi ndi anzathu ochepa a kutchalitchi. Ndimafuna ndiwalakatulire ndakatulo. Ndinayamba ndi zija za duwa la mtima wanga, nyenyezi ya m'bandakucha, chikondi chozama kuposa nyanja. Nditawerenga mokweza ndinaona kuti mawu amenewa akhoza kupita kwa mkazi wina aliyense mu Lilongwe muno, sakuwanena iwo. Ndiye ndinaisiya n'kuyamba ina yonena za kachizolowezi kawo kamodzi. Nayi:

Ukafuna kuyatsa mbaula
umayamba wagwedeza bokosi la machesi
pafupi ndi khutu lako lokongola
kuti umve ngati muli kanthu.
Zimenezi zimandikumbutsa kuti ndiwe mkazi wosamala,
mkazi wanzeru, woganiza za mawa,
n'chifukwa chake ndimakukonda
ndipo ndidzakukonda mpaka imfa.

Penapake sipakuyenda, koma sindikupaona. Ndiuzeni mosabisa.

Jo wa Kabaza: Achimwene, alekeni mayiwo. Aliyense ali ndi kake. Wanga sagona asanakhudze loko wa chitseko katatu koma sindinadandaulepo. Zoti mukawanene pamaso pa apongozi chifukwa cha machesi, ayi ndithu.

Bambo a Tada: Ayi achimwene, sindikudandaula. Ndi chinthu chimene ndimachikonda mwa iwo. Ndikakhala kutali ndi ntchito, m'mawa ndimasowa phokoso limenelo.

Jo wa Kabaza: Oo, pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe ngati ine ndamva ngati dandaulo, wina pamwambopo akhozanso kumva choncho.

Mlakatuli wa pa Ndirande: Akulu, ndikuuzeni monga munthu amene amaima pamaso pa anthu. Ndakatulo ya pamwambo imafuna moto. Anthu akufuna pa mzere wachitatu akhale atayamba kale kuwomba m'manja, amayi nthungululu. Machesi sangadzutse munthu pampando. Bwererani ku nyanja ija koma muikonze, mawu a kumapeto azigwirizana, wanga, langa, changa, kenako mubwereze mzere umodzi katatu kuti anthu azikuyankhani. Ndi momwe timachitira.

Mayi Nachisale: Bambo a Tada, zikomo potipatsa ndakatulo yeniyeni m'malo mongofunsa m'malere. Ndaphunzitsa Chichewa ku sekondale kwa zaka zambiri ndipo ndakatulo za chikondi ndawerenga mulu. Musabwerere ku nyanja. Chimene mwapezachi n'chosowa.

Vuto lili apa: muli ndi ndakatulo ziwiri zimene mwazisoka pamodzi. Mizere iwiri yoyamba ndi ya mayi a Tada. Ndikuwaona atagwada pa mbaula, kabokosi kali m'dzanja. Kuyambira pa "Zimenezi zimandikumbutsa" mayiwo achokamo, mwatsala inu mukutiwerengera kalata ya umboni, wosamala, wanzeru, woganiza za mawa. Mawu amenewa ndi omwe aja a duwa ndi nyenyezi, angovala malaya ena. Yesani chonchi: phimbani mzere uliwonse ndi chala n'kudzifunsa ngati mwamuna woyandikana naye nyumba angaunene kwa mkazi wake osasintha kanthu. Ngati angathe, mzerewo si wanu. Pa mizere 8 yanuyi, inayi ya kumapeto yagwa yonse.

Chachiwiri, "khutu lako lokongola". Palibe amene waona kalikonse pamenepo. Khutu liti? Lakumanja kapena lakumanzere? Amagwedeza kangati? Mutu amauimika kapena amaupendeketsa? Maso amayang'ana kuti? Ngati simukudziwa, musalembe usiku uno. Mawa m'mawa mukaonerere, ndipo mudzatiuze zimene mwaona, osati zimene mukuganiza kuti zimachitika.

Mlakatuli wa pa Ndirande: Mayi, ndi ulemu wonse, ya papepala ndi ya pakamwa n'zosiyana. Ya papepala munthu amabwerera n'kuwerenganso. Ya pakamwa ikadutsa yadutsa.

Mayi Nachisale: Pamenepo mwanena zoona mwanawe, ndipo za kubwereza mzere ndikugwirizana nanu. Khutu limafuna pogwira. Koma za kugwirizanitsa mawu a kumapeto ndikutsutsani. M'Chichewa mawu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Ndiye kuti mizere ithere mofanana sipafunika luso, zimangochitika zokha, mwinanso osafuna. Mukalemba wanga, langa, changa, khutu limatopa pa mzere wachinayi. Kukoma kwa ndakatulo yathu kumachokera kwina: kugwirizana kwa mawu koyambirira, monga kabokosi kako kaja, kubwereza, ndi mvekero. Ndipo Bambo a Tada ali ndi mwayi, chifukwa chizolowezi chimene asankhachi chili ndi phokoso lake. Mzere wobwereza umene mukufunawo uli kale m'bokosimo.

NaPhiri ku Joni: Ine ndisanalowe za mizere ndifunse kaye. Bambo, kodi chifukwa chimene mayiwo amagwedezera bokosilo mukuchidziwa? Ndikufunsa chifukwa zinandionekerapo. Pa tsiku langa lobadwa, bambo a kwathu anaimirira pamaso pa alendo n'kuyamba kusimba zoti ine ndimawerenga nthuli za nyama ndisanapakule, ndipo ndikamaliza kupakula ndimawerenganso. Iwo ankanena mwachikondi, ndikudziwa. Anthu anaseka. Koma ine ndinayamba kuwerenga nthuli ndili ndi zaka 10, amayi atamwalira, kuti ang'ono anga anayi pasakhale womanidwa. Alamu anga ena mpaka lero amanditcha woumira. Ndinamwetulira tsiku limenelo koma usiku sindinagone. Tizizolowezi tina ndi zipsera, bambo. Musanaonetse anthu, dziwani kuti n'chiyani.

Bambo a Tada: Mayi, mwandiimitsa. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Iwo anakulira kwa agogo awo kumudzi ku Dowa. Machesi akatha, mwana ndiye ankatumidwa m'mawa ndi phale kukapala moto kwa anthu, ndipo panali banja lina limene linkawanyoza nazo. Anandiuza kamodzi kokha tisanakwatirane, sanabwerezenso. Ndimaganiza zoikamo ndime ya zimenezo kuti anthu amvetse.

NaPhiri ku Joni: Chonde musaike. Nkhani imeneyo anakupatsani inu nokha.

Mayi Nachisale: NaPhiri anena bwino, ndipo ngakhale pa za luso lenilenilo ndime imeneyo ingawononge. Mukangofotokoza chifukwa, chizolowezicho chimasanduka umboni wa nkhani ya umphawi, ndipo womvera amayamba kuwamvera chisoni mayiwo m'malo mowaona. Inu mukudziwa za phale lija, n'zokwanira. Kudziwako kudzakuthandizani kusankha mawu ofatsa, osaseketsa. Iwo akamva adzazindikira kuti mukukumbukira. Alendo sadzadziwa, ndipo safunika kudziwa. N'chifukwa chakenso mzere wachinayi uja, "kuti umve ngati muli kanthu", uchoke. Mwana aliyense amadziwa chifukwa chogwedezera bokosi la machesi.

Gogo NaJere: Ana anga, ine si mlakatuli, mdzukulu ndiye akundilembera. Malemu amuna anga asanavale nsapato ankazigogoda pansi chozondotsa, kuopa zinkhanira. Tinasamukira m'tauni m'nyumba ya simenti koma sanasiye. Papita zaka 6. Za mawu okoma amene anandiuzapo ndaiwala zambiri, koma go go wa nsapato uja ndimamumva m'mawa uliwonse. Mwana wanga, lemba za machesizo.

Mayi Nachisale: Pepani amayi, ndipo zikomo. Bambo a Tada, taonani mneni amene amayiwa agwiritsa ntchito: ankazigogoda. Kachidutswa ka nka kameneko kamanena kuti zinatha. Inu musunge ma, umagwedeza, umayamba. Ophunzira anga ambiri ankati akalemba za wokondedwa wamoyo n'kugwiritsa nka, ndakatulo inkamveka ngati ya pamaliro osadziwa chifukwa chake. Koma ma yekhayekha nayenso ali ndi vuto lake. Umachita ichi, umachita icho, ndakatulo imangoima malo amodzi. Pakati pake pafunika tsiku limodzi lenileni, lokhala ndi na, pamene chinachake chinasiyana ndi masiku onse. Kodi lilipo tsiku limene bokosilo linayankha mosiyana?

Bambo a Tada: Mwadzuka bwanji nonse. Ndachita monga munandiuzira, ndinadzuka nawo limodzi n'kukhala pakhomo ngati ndikumanga nsapato. Ndi khutu lakumanzere. Amagwedeza kawiri, mofulumira, mutu ataupendekera komweko, maso ali pansi ngati munthu akumvetsera wina akumunong'oneza. Bokosi la lero ndi latsopano, ndinagula Lolemba ndipo analitsekula okha, koma agwedezabe. Zaka 12 ndimaganiza kuti ndi khutu lakumanja.

Za tsiku lija, lilipo. Chaka china m'dzinja ntchito inavuta, miyezi iwiri ndisanawotcherere geti ngakhale limodzi. M'mawa wina mvula ikugwa anagwedeza, munamveka kamtengo kamodzi kokha. Sananene kanthu. Anatembenukira kukhoma, n'kutchinga ndi dzanja, n'kuyatsa pang'onopang'ono. Makala anali onyowa koma unayaka. Ine ndinali pakhomo ndikuona. Kuyambira tsiku limenelo ndimasunga bokosi lina pamwamba pa chitseko, ndipo iwo akagona ndimathiramo timitengo tingapo m'bokosi lawo. Sindinawauzepo. Izi ndangokuuzani kuti mumve mmene zilili, si za m'ndakatulo.

Mayi Nachisale: Bambo, ndakatulo yanu ndi imeneyotu. Munaibisa m'munsi mwa uthenga. Dzulo munalemba kuti "n'chifukwa chake ndimakukonda", ndipo ine sindinakhulupirire kapena kukana, ndinangodutsa. Lero mwandiuza za bokosi la pamwamba pa chitseko ndipo sindikufunanso umboni wina. Ndakatulo ya mtundu uwu ikangothera pa kuonerera, woyankhula amakhala ngati mlonda wa pawindo. Pamafunika tione chimene chizolowezicho chinachita kwa inu, chimene manja anu anayamba kuchita. Lembaninso. Ndime yoyamba chizolowezi, yachiwiri tsiku lija, yachitatu inu.

Mlakatuli wa pa Ndirande: Apa ndavomera, nkhani ya chitseko ija ndi yamphamvu. Koma akulu, muikemo phokoso lija. Gobedegobede, mubwereze ndime iliyonse.

Chisomo K: Gobedegobede ndi ziwiya kapena zitini zikamagundana. Machesi salira choncho. Ine ndimamva tseketseke, ngati maseche aang'ono.

Jo wa Kabaza: Ndatenga bokosi pano ndagwedeza. Likadzaza kwambiri silimveka bwino, limangoti tsi tsi. Likafika pakati ndi pamene limati tseketseke. Kamodzi kokha kamati kho kho.

Bambo a Tada: Achimwene a kabaza mwandithandiza kwambiri, kho kho ameneyo ndi amene ndinamva tsiku lija. Nayi ndalembanso pa nthawi ya nkhomaliro:

Mbaula isanayake
umayamba wafunsa bokosi.
Khutu lakumanzere, kawiri,
tseketseke, tseketseke,
mutu utapendekera komweko
ngati wina akukunong'oneza.
Ngakhale ndagula Lolemba,
ngakhale watsekula wekha,
kawiri.

M'mawa wina m'dzinja
linayankha kuti kho, kho.
Sunanene kanthu.
Unatembenukira kukhoma,
dzanja litatchinga mphepo,
ndipo moto unayaka ngati chiyembekezo chathu.

Kuyambira pamenepo, ukagona,
ndimafikira pamwamba pa chitseko
n'kuthiramo asanu, mwina asanu ndi awiri.
M'mawa ndimamvetsera ndili m'bulangete.
Tseketseke, tseketseke.
Ndimakukonda, mayi wa ana anga.

Chisomo K: Ine misozi yalengeza. "Umayamba wafunsa bokosi" ndi mzere wabwino zedi, chifukwa kenako bokosilo likuyankha.

Mayi Nachisale: Tsopano tili ndi ndakatulo. Chisomo waona bwino: mwati wafunsa, ndiye ndime yachiwiri ikuti linayankha, ndipo simunafunike kufotokoza kanthu. Mawu oti "kawiri" ataima okha pa mzere wawo akugwiranso ntchito yaikulu. Ndili ndi malo awiri oti tikonze.

Oyamba ndi "ngati chiyembekezo chathu". Muli kale ndi chifanifani chimodzi, cha kunong'oneza, ndipo chimenecho n'chabwino chifukwa chikutithandiza kuona mmene mutu wakhalira. Ichi chachiwiri sichikutionetsa kanthu, chikutiuza zoti timve. Werenganinso mokweza n'kuwerenga maphatikizo. "Mbaula isanayake" ali 8. "Umayamba wafunsa bokosi" ali 10. Mizere yanu yambiri ikuyenda chapamenepo, mpweya umodzi mzere umodzi. Koma wa chiyembekezowu wafika 17, mudzapuma pakati, ndipo malo amene wolakatula wapumira mosakonzekera ndi pamene womvera amataya ulusi. M'mawa uja munandiuza kuti makala anali onyowa. Bwezerani zimenezo: "makala onyowa, koma unayaka". Mawu oti unayaka akhale omaliza. Tikamayankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, unayaaka, ndiye liwu limene mwaika kumapeto kwa mzere ndi limene limatsala m'khutu. Musaike pamenepo liwu lopanda katundu ngati "chathu".

Achiwiri ndi mzere womaliza. Ine ndikanauchotsa. Ndakatulo yatha pa tseketseke. Phokoso lomwe lija la poyamba labwerera, koma tsopano tikudziwa kuti muli dzanja lanu m'menemo. Mukawonjezera "ndimakukonda" zili ngati kuthira shuga mu uchi.

NaPhiri ku Joni: Apa aphunzitsi ndisiyana nanu. Inu mukuwerenga ngati mphunzitsi, ine ndikumva ngati mkazi wa munthu. Azibambo athu ambiri mawu amenewa sawatchula. Amagula, amamanga, amakonza, koma pakamwa zii. Ine zaka zonsezi ndawamva kangati? Mwina mayi a Tada akhala akudikira mawu amenewa kuposa ndakatulo yokongola. Ngati ndakatulo iwonongeka pang'ono koma iwo amve ndi makutu awo, ine ndingasankhe zimenezo.

Mayi Nachisale: Sindingakutsutseni pa zimenezo NaPhiri, inu mukunena za banja ndipo banja ndi lalikulu kuposa ndakatulo. Langa ndi lakuti mawuwo awanene, koma kunja kwa ndakatulo. Amalize pa tseketseke, apinde pepala, awayang'ane, kenako anene ndi pakamwa pawo. Akakhala m'kati mwa ndakatulo amamveka ngati mbali ya zolembedwa, zimene mlakatuli aliyense amanena. Akakhala kunja ndi a bambowa.

NaPhiri ku Joni: Ngati adzanenedi. Ndikuwadziwa azibambo, akapinda pepala adzangoti zikomo n'kukhala pansi. Zikalembedwa sangazithawe.

Mlakatuli wa pa Ndirande: Ine ndili mbali ya mayi a ku Joni koma pa chifukwa china. Pagulu anthu amafuna chizindikiro choti yatha. Mukathera pa tseketseke padzakhala chete, anthu akudikira ndime ina, kenako wina aziwomba m'manja mochedwa. Ndinazionapo. Ngati simukufuna "ndimakukonda", pezani njira ina yotsekera. Mwina mutulutse bokosi lenileni m'thumba n'kuligwedeza.

Chisomo K: Bokosi lenileni lingachititse anthu kuseka, ndipo ndi zomwe NaPhiri anachenjeza dzulo. Koma ine funso langa ndi lina. Bambo, mukalakatula pamaso pa apongozi mudzati iwe? Kwathu ku Ntcheu mwamuna kumutchula mkazi wake kuti iwe pamaso pa makolo ake, akuluakulu amayang'anana.

Bambo a Tada: Limenelo landivutitsa usiku wonse. Pa anthu ndimati inu, kapena amake Tada. Iwe ndi wa m'nyumba tikakhala awiri. Ndinayesa kusintha: "mumayamba mwafunsa bokosi", "simunanene kanthu", "mukagona". Ulemu ulipo koma zikumveka ngati ndaima patali.

Mayi Nachisale: Maphatikizo sasintha kwenikweni, umayamba ndi mumayamba onse ndi anayi, ndiye kayendedwe sikawonongeka. Chimene chikusintha ndi mtunda, monga mwamvera. Koma funso la Chisomo likutibwezera ku lija la NaPhiri. Ndakatulo imene ikufuna iwe, imene ikunena za m'bulangete ndi za chinsinsi cha pamwamba pa chitseko, kodi ndi ya pabwalo? Amayi athu ankaimba za amuna awo pamtondo, tizizolowezi tawo tonse, koma zinali zoti mudzi umve, nthawi zambiri zodandaula kapena zonyogodola. Mwina n'chifukwa chake achimwene a kabaza anamva dandaulo poyamba paja, khutu lathu linazolowera kuti chizolowezi cha munthu chikatchulidwa pagulu ndiye kuti akudzudzulidwa. Yanuyi ikuyenda mosiyana. Ine ndikanawawerengera ali okha Loweruka m'mawa alendo asanafike, ndi iwe wake yemweyo. Pamwambo mukhoza kungothokoza mwachidule. Akafuna okha kuti anthu aimve, adzakuuzani.

Mlakatuli wa pa Ndirande: Ndiye ndakatulo yabwino chonchi imvedwe ndi munthu mmodzi? Mayi, zimenezo zikundipweteka. Achinyamata amene adzakhale pamenepo akanaphunzirapo kanthu.

Gogo NaJere: Mwana wanga wa machesi, ndifunse. Ukawauza za bokosi la pachitseko, mawa lake udzathiranso? Chifukwa akadziwa, akamagwedeza azidzamva iwe, osati machesi. Kapena n'zabwino, kapena ayi. Ine sindikudziwa. Ganiza kaye.

NaPhiri ku Joni: Amayi, ine ndikuona kuti akudziwa kale. Mkazi amene amayeza bokosi ndi khutu m'mawa uliwonse, n'kupita zaka machesi ake osatha, angalephere kuzindikira? Ndipo pamwamba pa chitseko amapukutapo ndani fumbi? Mwina nawonso akusunga chinsinsi chomwecho kuti bambowa asachite manyazi.

Bambo a Tada: Mayi, zimenezo sindinaziganizepo n'kamodzi komwe. Ndakhala ndili duu pa benchi ya kuntchito kuno. Ngati akudziwa, ndiye kuti ndime yachitatu ija si kuulula, ndi kungovomera. Ndipo mwina agwedeza zaka zonsezi akudziwa kuti ndikumvetsera.

Mayi Nachisale: Musayese kuika zimenezo m'ndakatulo, chifukwa simukudziwa ngati zili choncho, ndipo mpaka pano mwalemba zokhazo zimene maso ndi makutu anu anagwira. Isiyeni momwemo, yankho likhale lawo. Kanthu kena kakang'ono: "asanu, mwina asanu ndi awiri" musakhudze. Wina akhoza kukuuzani kuti mulembe "ochuluka" kapena "odzaza dzanja". Ayi. Munthu wothira asanu ndi amene akusamala kuti asagwidwe, ndipo chiwerengerocho n'chimene chikutiuza zimenezo.

Chisomo K: Nanga mutu wake? Musaike "Chikondi changa" chonde.

Jo wa Kabaza: Ingoikani "Kawiri".

Bambo a Tada: "Kawiri" ndatenga, zikomo achimwene. Mzere wa chiyembekezo ndachotsa, pali makala onyowa tsopano, ndipo powerenga mokweza mpweya ukukwana. Ndidzawawerengera m'mawa tili awiri, ndi iwe. Achimwene a pa Ndirande mundikhululukire, ya pabwalo mwina chaka china iwo akalola. Za mzere womaliza sindinagamule. Ndakopera mapepala awiri, lina lothera pa tseketseke, lina lokhala ndi mawu aja, onse ali m'thumba la ovolosi.

NaPhiri ku Joni: Tengani lachiwirilo, bambo.

Mayi Nachisale: Ine ndikadali pa loyamba. Koma lililonse limene mutenge, muliwerenge mokweza katatu Lachisanu muli nokha, ndipo pa "Sunanene kanthu" muime pang'ono musanapitirire. Dikiraninso mbaula iyake kaye, musawadule pakati pogwedeza.